Momwe Tinaphunzirira Kuwerengera Phindu pa Mabandulo a Mayunitsi

Pamene ine ndi mchemwali wanga tinayamba kugulitsa mabandulo a mayunitsi, ndalama zonse zopezeka m'kabokosi madzulo tinkaziona ngati zathu, ndipo tinkatapako pogula zofunika panyumba. Patatha milungu itatu mpamba unachepa moti sitinathenso kupikula mayunitsi ochuluka ngati poyamba, ngakhale kuti makasitomala sanasiye kubwera. Apa m'pamene tinagula kope n'kuyamba kulemba.

Amene ankatipikulitsa ankatichotsera 5 pa 100 iliyonse. Motero bandulo la 500 tinkalipeza pa 475, la 1,000 pa 950, ndipo la 5,000 pa 4,750. Mtengo wogulitsira sunali wophweka kuukhazikitsa, chifukwa kasitomala amadziwa kale mtengo weniweni wa bandulo ndipo akhoza kudzigulira yekha pa foni yake. Tinayesapo kugulitsa la 500 pa 550, poona kuti phindu pa lililonse likwera kuchoka pa 25 kufika pa 75. Powerengera tinapeza kuti tiyenera kugulitsa osachepera 20 patsiku kuti tifike pa 1,500 imene mabandulo 60 ankatipatsa pa mtengo wakale. Koma tinkangogulitsa 15, phindu lake n'kukhala 1,125, ndipo anthu amene anatithawawo anasiyanso kugula mabandulo akuluakulu kwa ife. Tinabwerera ku mtengo wakale sabata isanathe, ndipo mpaka lero ndimaona kuti kuwonjezera mtengo kumathandiza kokha kumene kulibe wogulitsa wina pafupi.

Tsiku lina la m'kope lathulo linayenda motere. Tinagulitsa mabandulo 60 a 500, 30 a 1,000 ndi 5 a 5,000, ndipo zonse pamodzi zinakwana 85,000. Mabandulo omwewo tinawapikula pa 80,750, kutanthauza kuti zotsala zinali 4,250 zokha. Pamenepa tinachotsapo 1,200 ya lendi ya malo, mayendedwe ndi kutchajitsa foni, n'kutsala ndi 3,050. Ndalama za 80,750 zija si zathu kuti tidye, koma ndi zopikulira mayunitsi a mawa.

Tsiku lomwelo ndinalakwitsa nambala potumiza bandulo la 1,000, ndipo wolandirayo sanabweze. Tinataya 950, phindu lenileni n'kutsikira pa 2,100. Chinandipweteka kwambiri n'chakuti pa bandulo lotere timapeza 50 yokha, choncho tinafunika kugulitsa ena 19 kuti tingobweza cholakwa chimodzicho. Ngongole yosabwezedwa imaluma chimodzimodzi. Kuchokera tsiku limenelo kasitomala amalemba yekha nambala yake m'kope, ine ndimamuwerengera mokweza ndisanatumize, ndipo madzulo timayerekeza mayunitsi otsala pa foni ndi zimene zalembedwa tisanawerenge ndalama za m'kabokosi.