Lachiwiri: dzina la pa chikwangwani

Usiku wathawu ndagona mochedwa, ndimafufuza m'kope la makasitomala. Malemu bambo anga atayamba bizinesiyi anaitcha dzina la banja lathu, n'kuwonjezera mawu onena za kukonza mataipilaita. Pano taipilaita timailandira mwa apo ndi apo, ntchito yeniyeni ndi makompyuta ndi mapulinta. Mlongo wanga akuti dzina lonselo lichoke, tipeze lamakono.

Mwezi wathunthu ndakhala ndikufunsa kasitomala aliyense watsopano kuti anatidziwa bwanji, n'kumalemba. Ambiri anachita kuuzidwa ndi makasitomala akale, ndipo powalozera amatchula dzina la bambo basi. Za mataipilaitazo palibe amazitchula. Ndiye chovuta ndi theka la dzinalo. Theka linalo ndi lomwe likutidyetsa, ndipo kulichotsa n'kudula nthambi yomwe takhalira.

Cha m'ma 10 koloko anabwera mayi wina amene wakhala akutikonzetsa zinthu kuyambira ndili mwana. Ndinangowatsinako khutu kuti dzina lisintha. Anakhala chete, kenako anati, "Mwanangu, mwagulitsa? Nanga pulinta yanga ija munati ikavutanso mudzakonza ulere?" Dzina latsopanolo sanalifunse n'komwe.

Funso lawolo landipangitsa kung'amba kalata yodziwitsa makasitomala yomwe ndinalemba dzulo, chifukwa ndime yonse yoyamba inali kutamanda dzina latsopano. Yalero ikuyamba ndi zimene sizikusintha: mwini wake ndi yemweyo, amisiri ndi omwewo, nambala ya foni ndi yomweyo, malisiti ndi malonjezo akale akugwirabe ntchito. Dzina latsopano ndi tsiku loyambira zikubwera pambuyo, chifukwa chosinthira n'chiganizo chimodzi.

Masana ndinapita kubanki. Apa mpomwe ndikanapalamula. Dzina la pa invoisi likasiyana ndi la pa akaunti, maofesi ena salipira, ndipo kalata yonena kuti "tasintha dzina, tumizani ndalama kwakuti" imafanana ndendende ndi za anthu akuba mwachinyengo. Choncho ndiyamba ndafufuza ngati dzinalo silinatengedwe kale, ndililembetse, kenako banki ndi a misonkho, invoisi ndi chidindo. Chikwangwani chikhala chomaliza. Nambala ya akaunti ndikufuna ikhale yomweyo, ndipo m'kalatamo ndalemba kuti wina akawauza zosiyana andiimbire kaye.

Makasitomala akuluakulu 15 sindiwatumizira uthenga wa gulu ayi. Ndiwaimbira mmodzimmodzi sabata ziwiri ena onse asanamve, chifukwa munthu amene wayenda nawe zaka zambiri zimamuwawa kumvera kwa ena. Dzina lakale likhalabe m'munsi mwa latsopano, m'malembo aang'ono, kwa chaka chimodzi. Ndikadzaona kuti oimba foni asiya kufunsa ngati alakwitsa nambala, ndidzalichotsa.

Mlongo wanga sanakhutire, akuti ndasintha mwamantha. Mwina akunena zoona. Mawa ndiyamba kuimbira mayi aja, pulinta yawo yatheka.