Wa miyezi itatu pakhadi, wa mwezi umodzi ku tulo

Ndine namwino komanso mzamba pachipatala china chaching'ono kuno ku Lilongwe, ndipo Lolemba ndi tsiku limene timaona ana obadwa masiku asanakwane amene anatuluka ku wodi ya kangaru, kumene mwana amasungidwa pachifuwa pa mayi ake khungu kukhudza khungu. Lolemba la sabata yoyamba ya Juni kunazizira, moti amayi ambiri anafika mochedwa, ana atawakutira m'zitenje ziwiriziwiri ndi zipewa. Wachitatu pamzere anali mayi wachitsikana wochokera ku Chinsapo, amene anabwera ndi apongozi ake. Ndisanamuyike n'komwe mwana pa sikelo, agogo aja anali atayamba kale.

“Anesi, mwanayu sagona. Wakwana miyezi itatu koma usiku amadzuka kanayi, kasanu. Wa anansi athu anabadwa mwezi womwewo, koma iye amagona mpaka tambala woyamba. Ine ndikuti mkaka sukukwana, timuyambitse kaphala kamadzimadzi.”

Mayi wa mwanayo anangoweramitsa mutu. Maso ake ankaonekeratu kuti tulo anatiiwala kalekale.

Ndinatsegula buku lakuchipatala la mayi, osati khadi la mwana lokha. Mwanayo anabadwa pa 10 Malichi, mimba ili ndi masabata 32, ndipo tsiku limene ankayembekezeka kubadwa linali 5 Meyi. Mimba timaiwerengera masabata 40, ndiye kuti anafulumira ndi masabata 8. Kuchokera pa 10 Malichi kufika pa 2 Juni ndi masabata 12. Ndinalemba pa kapepala, agogo akuona: 12 kuchotsera 8, kutsala 4. Ndinawauza kuti, “Agogo, pakhadi mdzukulu wanuyu ali ndi miyezi itatu, zimenezo n'zoona. Koma ubongo wake ndi kamimba kake zili ndi masabata 4. Masabata 8 oyamba aja ankamalizira panja ntchito imene akanaigwira ali m'mimba. Mukamuyerekeza, muzimuyerekeza ndi mwana wobadwa pa 5 Meyi.”

Ine ndimautchula kuti msinkhu wochotsera, ndipo kwa amene masamu amawavuta ndimangoti werengani kuyambira tsiku limene mwana amayembekezeka kubadwa. Yankho limakhala lomwelo.

Tsono mwana wa masabata 4 amagona bwanji? Amagona kwambiri, maola 14 mpaka 17 pa usana ndi usiku, koma mwa zidutswazidutswa za maola awiri kapena atatu, chifukwa kamimba kake n'kakang'ono ndipo mkaka wa m'mawere sukhalitsa. Sanayambe kusiyanitsa usana ndi usiku. Kusiyanitsako kumayamba pang'onopang'ono, ndipo ana ambiri amayamba kukhala ndi tulo totalikirako ta usiku akafika masabata 8 mpaka 12, kuwerenga kuchokera pa tsiku loyembekezeka lija. Kwa mwana uyu ndiye kuti kuyambira kumapeto kwa Juni mpaka kumapeto kwa Julaye. Ndinalemba 28 Julaye pa kapepala kaja n'kuwauza kuti pa tsiku limenelo m'pamene adzafike pamene wa anansi ali lero. Sindinalonjeze kuti adzagona usiku wonse, chifukwa ana ambiri oyamwa, ngakhale obadwa masiku atakwana, amadzukabe kamodzi kapena kawiri kwa miyezi yambiri.

Sikelo inandithandiza kuposa pakamwa panga. Masabata awiri m'mbuyomo mwanayo ankalemera makilogalamu 3.2, ndipo tsikuli anali 3.6. Ndiye kuti anawonjezera magalamu 400 m'masiku 14, pafupifupi magalamu 29 pa tsiku. Mwana amene mkaka sukumukwana sakwera chotero. Matewera onyowa anali asanu ndi limodzi kapena kuposa pa tsiku. Nkhani ya phala ndinaikana mosapita m'mbali. Miyezi itatu n'kufulumira kwa mwana aliyense, nanji uyu amene matumbo ake ndi a mwezi umodzi. Agogo sanakhutire, koma anapinda kapepala kaja n'kukamanga kumsonga kwa chitenje. Ndinapempha mayi kuti kwa masiku anayi azilemba kachizindikiro nthawi iliyonse mwana akayamwa, komanso nthawi imene wagona ndi kudzuka, abwerenso Lachisanu.

Lachiwiri linapita ndi malipoti a mwezi ndi kuwerenga mankhwala. Palibe chonena.

Lachitatu ndi limene linandidetsa nkhawa, ndipo nkhani yake ndi yosemphana ndi ya Lolemba. Mayi wina wa ku Mtandire anabwera akusekerera, akuti mwana wake ndi waulemu, savutitsa, amagona kuyambira 10 koloko usiku mpaka cha m'ma 4 koloko m'bandakucha osalira. Mwanayo anabadwa pa masabata 31 ndipo anali ndi masabata 5. Apa kuchotsera sikutheka, chifukwa 5 kuchotsera 9 mwatsika pansi pa ziro. Tanthauzo lake n'lakuti mwanayu akanakhala adakali m'mimba, mimba ya masabata 36, ndipo tsiku lake likadali masabata 4 kutsogolo. Mwana wotere alibe mphamvu zodzuka n'kulirira bere. Njala ikamugwira amangopitiriza kugona, shuga m'magazi amatsika, thupi limazizira, ndipo akazizira m'pamene amagonanso kwambiri.

Ndinamupima. Kutentha kwa thupi kunali madigiri 36.0, pamene timafuna pakati pa 36.5 ndi 37.5. Pa sikelo anali makilogalamu 1.9, kuwonjezera magalamu 40 okha pa sabata yathunthu, pamene mwana wa kangaru wa kulemera kumeneko timayembekezera magalamu pafupifupi 30 tsiku lililonse. Nditafunsa, ndinapeza kuti usiku ankamuchotsa pachifuwa n'kumugoneka payekha, poganiza kuti popeza wadutsa mwezi ndiye wakula. Tinamubwezera pachifuwa pa mayi ake khungu kukhudza khungu, tinafinya mkaka n'kumumwetsa ndi kakapu, ndipo patapita ola limodzi kutentha kunakwera. Komabe sitinamubweze kunyumba. Mwana wogona mopitirira, woyamwa mofooka ndiponso wozizira akhoza kukhala ndi matenda m'magazi, ndipo zimenezo sitingazikane pongomuyang'ana. Akiliniko ofisa analemba kalata ndipo ambulansi inamutengera kuchipatala chachikulu masana omwewo.

Pamenepa m'pamene ndimasamala ndikamaphunzitsa za msinkhu wochotsera. Si mankhwala otonthoza makolo basi. Kwa mwana wa Lolemba unatiuza kuti musadandaule, kudzukadzukako n'koyenera. Kwa wa Lachitatu unatiuza kuti musamusiye agone, mudzutseni maola awiri kapena atatu aliwonse, usiku womwe, mpaka sikelo idzasonyeze kuti akukwera bwino ndipo ife tidzakuuzeni kuti tsopano angadzuke yekha. Ndipo pali zizindikiro zimene masamu alionse sangazifotokoze: mwana wovuta kudzutsa, wokana bere, wozizira kapena wotentha thupi, wopuma mofulumira kufika ka 60 pa mphindi imodzi, kapena wosiya kupuma kwa masekondi 20 kapena milomo n'kusintha mtundu. Ameneyo ndi wothamanga naye nthawi yomweyo, ngakhale pakati pa usiku.

Lachinayi tinakhala pansi ndi alangizi a zaumoyo amene amayendera ana amenewa m'makomo. Mmodzi, wachinyamata ndipo wakhama, anafunsa funso labwino: ngati mwana wa ku Chinsapo ali ndi masabata 4, kodi katemera wa masabata 14 timudikiritse? Ayi ndithu. Katemera timawerenga kuchokera pa tsiku lenileni lobadwa. Wa masabata 6 ndi wa masabata 10 analandira kale, ndipo wa masabata 14 ndi wa pa 16 Juni. Majeremusi sachotsera masabata, ndipo ana amenewa ndi amene chibayo ndi chifuwa chokoka mtima zimawagwetsa msanga. Kuchotsera ndi kwa tulo, kakulidwe pa tchati, kumwetulira, kulimba khosi, kukhala ndi kukwawa, ndipo timapitiriza mpaka mwana atakwana zaka ziwiri, ngakhale kuti kusiyanako kumanka kuchepa mphamvu. Masabata 8 ndi aakulu kwa mwana wa miyezi itatu, koma kwa wa chaka ndi theka saonekanso kwenikweni.

Vuto lathu lenileni ndi nambala yoyambira ija, ya masabata a mimba pamene mwana anabadwa. Amayi ambiri amayamba sikelo ya mimba mochedwa, sakumbukira tsiku limene anasamba komaliza, ndipo sanaunikidwe mimba ili yaing'ono. Pamenepo timadalira zimene anzathu analemba pomupima mwana atangobadwa, poona khutu, mizere ya kuphazi, khungu ndi kulimba kwa minofu. Kupima kumeneku kumatha kuphonya ndi sabata imodzi kapena ziwiri, ndiye sindiuza mayi tsiku lenileni, ndimamuuza nyengo. Ndinawachenjezanso kuti kuchepa thupi si kufulumira. Mwana wobadwa pa masabata 39 ali ndi makilogalamu 2.2 ndi wochepa, koma masiku ake anakwana ndipo palibe chochotsera. Ineyo ndinalakwitsapo zimenezi nditangoyamba ntchito, ndinachotsera mwana miyezi iwiri chifukwa choona kulemera kokha.

Lachisanu mayi wa ku Chinsapo anabwera ndi bambo wa mwana, agogo atatsala kunyumba. Analemba kuseri kwa kalendala yakale, mizere yooneka bwino. Mwana ankayamwa ka 10 kapena ka 11 pa tsiku, ndipo titaphatikiza maola a tulo tinapeza pafupifupi 16. Tulo take totalika kwambiri, maola atatu ndi theka, tinali masana, kuyambira cha m'ma 11 koloko. Bamboyo anaseka, nati, “Ndiye kuti bwanayu amagona kuposa tonsefe, kungoti amagwira ya usiku ngati mlonda.”

Pa kalendala paja panali chinanso. Nthawi zina mayi analemba kuti wadzuka patangopita mphindi 40 kapena 50 chigonereni. Nditafunsa, anati mwana amabuula, kudzinyolola, kukwinya nkhope ndi kuphethira, ndiye amamunyamula msanga asanadzutse apongozi. Kumeneko si kudzuka. Ana aang'ono, makamaka obadwa masiku asanakwane, amathera nthawi yambiri m'tulo topepuka ta phokoso, ndipo tulo tawo timazungulira pafupifupi ola lililonse. Ndinamuuza kuti ayang'ane kaye kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Ngati maso ali otseka ndipo sakufunafuna bere kapena kuyamwa zala, amusiye. Masana atsegule zenera, mwana amve wailesi ndi anthu akuyankhula. Usiku ayamwitse ndi kuwala kochepa, osamuseweretsa, n'kumugoneka chagada pamalo osawofoka, bulangete lisafike kunkhope, mkati mwa neti. Mankhwala ogonetsa a m'golosale ndi a zitsamba ndinati asayerekeze.

Bamboyo anadzipereka kuti azimugeyetsa mwana ndi kusintha thewera la pakati pa usiku, ndipo masana mayi azigona pamene mwana wagona, agogo aziphika. Potuluka anafunsa ngati ndingalembenso kapepala kena ka masamu aja, chifukwa koyamba agogo akana kukamasula pa chitenje, akuti akufuna akakaonetse anansi aja. Ndinalemba, n'kuwonjezera pansi pake tsiku la katemera, 16 Juni.