Mayina a pa vidiyo ya mjigo, ntchito ya sabata ino

Sabata yonseyi ndakhala pa vidiyo imodzi, ya mwambo wopereka mjigo kumudzi wina kwa Dedza uko. Kujambula anajambula ndi anzanga, yanga inali yodula ndi kuyika zolemba, makamaka timizere tija timabwera mmunsi munthu akamalankhula, dzina lake ndi udindo wake. Olankhula analipo ambiri ndithu, agulupu, anyakwawa, a komiti ya mjigo, amayi a m'mudzi.

Lolemba a komiti ananditumizira pulogalamu ya mwambowo, komanso chithunzi cha khadi la ukwati kuti zilembo za pa vidiyo zikhale zotero, zopindikapindika zagolide zija. Ndinawafunsa kaye kuti kodi vidiyoyi anthu akaionera pati? Ati pa WhatsApp, kenako pa pulojekita kutchalitchi Lamulungu masana. Apa mpamene nkhani yonse yagona. Ine ndimaona vidiyo pa sikirini yaikulu mu DaVinci Resolve, pulogalamu ya pakompyuta yodulira mavidiyo, pa mapikiselo 1920x1080, timadontho tija timapanga chithunzi, koma mayi wogwira foni choimika akuiona yotalika mwina masentimita 4 basi. Chilembo cha mapikiselo 30 kwa ine chikuoneka bwinobwino, kwa iwo ndi milimita imodzi, ndiye WhatsApp nayo imafinya vidiyo, timizere topyapyala ta zilembo zopindika tija timangosungunuka, dzina la afumu n'kusanduka phala.

Sindinakangane nawo. Ndinapanga masekondi 10 a zagolidezo ndi masekondi 10 a fonti ya Noto Sans, mtundu wa zilembo zosakongoletsa, yonenepa yoyera, n'kutumiza zonse pa WhatsApp pomwepo, ndikuti bambo tcheyamani tulukani panja padzuwa muwerenge pa foni yanu. Anaimba foni okha kuti tiyeni nazo zoyerazo.

Lachiwiri ndi Lachitatu ndinakhalira kukonza kamangidwe kake. Dzina ndinaliyika mapikiselo 60, udindo mmunsi mwake 40, kuchepera apo ayi. Vuto linali kumbuyo kwa zilembo, chifukwa amayi onse anavala chitenje chimodzi cha maluwa achikasu ndi oyera, kwinaku tenti yoyera, ndiye zilembo zoyera zimati zikagwera pamenepo theka la dzina osaoneka. Kamthunzi kapansi pa zilembo sikanathandize. Chinagwira ntchito ndi kabokosi kakuda kumbuyo, opacity, kutanthauza kuda kwake, ndinaisiya pa 70 peresenti kuti munthu azionekabe pang'ono kuseri kwake, ndipo kabokosi komweko ndi kamene kamapulumutsa pa pulojekita masana, poti kuwala kolowera m'mawindo kumazirala mitundu yonse. Ena amakonda zilembo zofiira, musayerekeze, vidiyo ikamafinyidwa mitundu ndi imene imayamba kutayika ndiye chofiira chimanyenyeka m'mphepete. Zonse ndinazisendeza kuchoka m'mphepete, mapikiselo 192 kumanzere ndi 108 pansi, chifukwa nsalu ya pulojekita nthawi zambiri siikwana chithunzi chonse, komanso pa foni pansipo mpamene pamabwera kamzere kosonyeza nthawi.

Chimene chinandidyera nthawi kwambiri ndi maudindo. Pa pulogalamu munthu mmodzi analembedwa kuti ndi wachiwiri kwa wapampando wa komiti yoyang'anira mjigo komanso membala wa komiti ya chitukuko cha m'mudzi, zimenezo pa mzere umodzi sizingalowe pokhapokha uchepetse zilembo, ndipo kuchepetsa ndi kumene ndimakana. Ndinawaimbira bambowo n'kuwafunsa kuti tsiku limenelo munalankhula ngati ndani? Anati wachiwiri kwa wapampando. Tinalemba chimenecho, china tinachiyika pa mayina a kumapeto. Kwa mafumu ndiye sudula chilichonse wekha, gulupu kumulemba nyakwawa ndi mlandu weniweni, ndiye Lachinayi ndinatumiza mndandanda wonse kwa mlembi wa komiti kuti akaonetse eni ake mmodzimmodzi, ndipo anabweza awiri okonzedwa. Mayi wina dzina lawo lili ndi ŵ ndipo amalilemba choncho kumene, mafonti ambiri okongoletsa alibe chilembo chimenechi amangoyika kabokosi kopanda kanthu, Noto Sans ili nacho.

Kutalika kwake, dzina lililonse limakhala masekondi 6, pa mafulemu 25 pa sekondi ndiwo mafulemu 150, kulowa kwake kofewa osati kogudubuzika. Ndimayesa powerenga mokweza kawiri mosathamanga, poganizira agogo amene sukulu anaisiyira panjira koma akufuna aone dzina la mdzukulu wawo. Ndipo sindiliyika munthu akangoyamba kumene, ndimadikira ayambe waoneka nkhope masekondi awiri.

Lachisanu ndinatulutsa mafayilo awiri, yaikulu ya pulojekita pa fulashi ndi yaing'ono ya mapikiselo 720 kutalika ya pa foni, yaing'onoyo ndinayamba ndadzitumizira pa kafoni kanga kakale n'kuwerenga mayina onse ndili pakhonde. Onse anawerengeka. Lolemba likubwerali ndiyamba ya mpikisano wa mpira wamanja, kumeneko ndiye kuli zigoli zoti zizikhala pakona nthawi yonse.