Layini ndi yanga, koma dzina linali la alamu anga

Ndinazindikira vutoli tsiku limene wina amafuna kundilipira ndalama za nyemba. Analemba nambala yanga pafoni pake, kenaka n'kundiyang'ana mokayikira. "Mayi, dzina likutuluka apa ndi la mwamuna. Nambalayi ndi yanudi?" Anakana kutumiza, ndipo sindinamuimbe mlandu, chifukwa akuba apafoni achuluka.

Nkhani yake inayamba mu 2018, pamene bungwe la MACRA linalamula kuti simukadi iliyonse ilembetsedwe, apo ayi itsekedwa. Chiphaso changa cha unzika ndinali ndisanakatenge, ndiye alamu anga anapereka chawo kwa ejenti pamsika. Ejentiyo anajambula chiphasocho, basi zinathera pomwepo. Zaka zonsezi ndinkadziwa kuti layini ndi yanga, pomwe m'kaundula wa kampani mwini wake anali alamuwo.

Vuto si manyazi okha. Foni ikabedwa, amene angakatenge simu ina ya nambala yomweyo ndi munthu amene dzina lake lili m'kaundula. Mukayiwala pini ya ndalama, amafunanso yemweyo. Tsono ndinaganiza zokonza simu idakali m'manja mwanga.

Poyamba ndinapita kwa ejenti wapakhonde la golosale, ndipo ndinangotaya nthawi. Anandiuza kuti iye amalembetsa layini zatsopano, koma kusintha dzina ndi ntchito ya kushopu yeniyeni ya kampani. Mawa lake ndinakwera minibasi kupita kuboma, nditatenga chiphaso chenichenicho, osati fotokope, ndi foni ili ndi simu yake.

Mtsikana wapakauntala anayang'ana pakompyuta n'kundifunsa ngati dzina lomwe likuonekalo ndikulidziwa. Funsoli ndi limene limasiyanitsa njira. Likanakhala dzina langa lomwe koma lolembedwa molakwika, monga Phiri kukhala Pili, kapena dzina la bambo kusinthana malo ndi loyamba, akanangojambulanso chiphaso changa n'kukonza. Koma poti nambala ya chiphaso inali ya munthu wina, kumeneko sikunalinso kukonza dzina ayi, kunali kusintha umwini. "Mubwere nawo eni akewo, atenge chiphaso chawo," anatero. Ndinayesa kunena kuti tingowayimbira foni, anakana. Panthawiyo zinandipweteka ndikaganiza za ndalama ya minibasi, koma n'zomveka: zikanakhala zophweka chomwecho, aliyense wotola foni pamsewu bwenzi akulanda nambala ya mnzake pamodzi ndi ndalama zake.

Anandichenjezanso kuti nditape kaye ndalama zonse zimene zinali mufoni, chifukwa akaunti ya ndalamayo inatsekulidwa m'dzina la alamu. Ndinatapa tsiku lomwelo.

Patapita masiku anayi tinabwerera awiri. Alamu anasonyeza chiphaso chawo, n'kusayina fomu yovomereza kuti nambalayo akuisiya m'manja mwanga. Ine anandifunsa mafunso oyesa ngati ndimaigwiritsadi ntchito: nambala zimene ndimayimbira kawirikawiri, mayunitsi amene ndinagula komaliza, ndi ndalama imene ndinatumiza posachedwa. Apa ndinachita chibwibwi, pakuti ndani masiku ano amasunga nambala pamtima? Lembani zimenezi papepala musanachoke kunyumba. Kenaka anajambula chiphaso changa, anandijambula nkhope, ndipo ndinasankha pini yatsopano.

Pamzere panali bambo wina amene nkhani yake inali yovuta kuposa yanga. Anagula simu yolembetsa kale kwa mnyamata wapadepoti, ndipo dzina lomwe linkatuluka sankalidziwa n'komwe. Wobwera naye analibe. Anamuuza kuti alembe dandaulo, akampani afufuze, koma mwina chapafupi n'kungolembetsa layini yatsopano ndi chiphaso chake. Mayi winanso anabwezedwa chifukwa cholakwika chinali pachiphaso penipenipo. Kampani ya foni imangokopera zomwe zili pachiphaso, choncho anayenera kuyamba wapita ku ofesi ya NRB, bungwe lopereka ziphaso za unzika, kuboma lakwawo, akakonze kumeneko kenaka n'kubweranso.

Ndisanatuluke ndinapempha nambala ya dandaulo langa, n'kuilemba kuseri kwa kope la ngongole. Kampani ikazengereza, nambala imeneyo ndi yomwe mumapita nayo ku MACRA, chifukwa kumeneko amayamba afunsa ngati munadandaula kaye kukampani.

Sindinangokhulupirira mawu apakauntala. Madzulo ndinauza mwana wanga kuti ayerekeze kunditumizira K500, aime pomwe pamatuluka dzina. Linatulukabe la alamu. Ndinagona mtima uli m'mwamba. Mawa lake masana tinayesanso, ndipo linatuluka langa, ngakhale analemba lonse m'zilembo zikuluzikulu ngati akundikalipira. Wa nyemba uja ndinamuyimbira nthawi yomweyo.