Katundu ali m'Merchant Center koma sakuoneka: mmene ndinakonzera fidi ya shopu yathu ya zovala za chitenje

Shopu ya azakhali anga ili kuno ku Chipata, kufupi ndi msika wa Kapata. Amasoka madiresi ndi mashati a chitenje, amagulitsa nsalu zosasoka, komanso amapikula nsapato za kufakitale zobwera m'makatoni mwake. Ine ndimawayang'anira zotsatsa za pa intaneti. Titayamba kutsatsa pa Google Shopping, ndalama zomwe tinaika patsiku sizinkatha n'komwe, ndipo madiresi, omwe ndiwo amatidyetsa, sankaoneka kwa ofufuza. Azakhali anandifunsa kuti, "Kodi mwanawe, tiwonjezere ndalama?" Ndinawayankha kuti, "Ayi azakhali, dikirani kaye, ngati zomwe zilipo sizikutha ndiye kuti vuto lili kwina."

Vutolo linali mu fidi, tebulo lija lotumiza katundu yense ku Google Merchant Center, mzere umodzi chinthu chimodzi. Zotsatsa za mtundu uwu zilibe mawu ofufuzira amene iwe umasankha monga zimakhalira pa zotsatsa za mawu okha. Google imawerenga zomwe walemba m'fidi n'kuganiza yokha kuti chinthu chako chikugwirizana ndi zomwe munthu wafufuza kapena ayi. Fidi ikakhala yosalongosoka, palibe ndalama zomwe zingailankhulire.

Poyambira panali pa Products, kenako Needs attention. Apa muyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri. Chinthu cholembedwa Not approved sichikuoneka konse, ndipo aliyense amachithamangira chifukwa n'choonekeratu. Koma pali zina zomwe zavomerezedwa ndithu, kungoti zili ndi chenjezo kapena zalembedwa Limited, ndipo izi n'zimene zimadya malonda mwakachetechete, chifukwa munthu amaona ngati zonse zili bwino pomwe katunduyo akungooneka mwa apo ndi apo. Ambiri mwa katundu wathu anali m'gulu lachiwirili. Ndinatsitsa fidi yonse m'Google Sheets kuti ndizikonza ndi manja, ndipo ndinayamba ndi diresi imodzi yokha, ya buluu ndi chikasu, imene imatuluka kwambiri m'shopu.

Mutu wake, pa danga la title, unali womwe webusayiti inatenga yokha kuchokera m'buku la azakhali: NEW STOCK!!! Dress 14. M'shopu dzinali limagwira ntchito, chifukwa telala aliyense akudziwa kuti nambala 14 ndi iti. Koma mayi wa ku Lusaka amene akufuna chovala chopita nacho ku chilanga mulilo salemba zimenezo pafoni yake. Amalemba za chitenje, mtundu wake, kutalika kwake, mwinanso saizi. Kuwonjezera apo, malamulo a Merchant Center saloleza zilembo zazikuluzikulu zokuwira anthu, zizindikiro zongochulukitsa, kapena mawu okopa monga a kutsitsa mtengo ndi kutumiza kwaulere m'kati mwa mutu.

Danga la mutu limalandira zilembo 150, koma wogula nthawi zambiri amangoona pafupifupi 70 zoyambirira, ndipo pafoni zimachepa kuposa apo. Choncho zofunika kwambiri zitsogole. Ndinayamba ndi woyenera kuvala, kenako chinthucho, kenako nsalu, mtundu ndi saizi kumapeto. Fidi yathu ndi ya Chingerezi popeza Chichewa sichili pa zilankhulo zomwe Merchant Center imalandira, koma mawu oti chitenge ndinawasiya momwemo chifukwa ndiwo omwe anthu a kuno amalemba. Ndinaikanso African print pothandiza amene salidziwa dzinalo. Pali chiyeso chofuna kudzaza mutu ndi mawu onse amene ungaganize, ukwati, tchalitchi, Nc'wala, Kulamba, zonse pamodzi. Ine sindigwirizana nazo. Mutu wotero umasokoneza chimene chinthucho chili, ndipo wogula akauona sadina. Mawu amenewo malo ake ndi pa description, pomwe pali mpata wa zilembo 5000.

Za gulu sizinandichedwetse. Google imasankha yokha gulu la chinthu chilichonse potengera mutu, chithunzi ndi zina, ndiye mutu ukakonzeka gulu limalondolanso. Komabe kwa ife panali msampha, chifukwa chitenje chosasoka ndi diresi ya chitenje zimatchulidwa ndi mawu ofanana. Diresi ndi ya ku Apparel & Accessories > Clothing > Dresses, nambala yake 2271, pomwe nsalu yosasoka imapita ku Fabric, kumbali ya zipangizo za ntchito zamanja. Ndinadzaza google_product_category pamanja kuti zisasakanikirane. Danga lina la product_type ndi lako wekha, umalemba mmene umagawira katundu m'shopu mwako, ndipo limathandiza pogawa ndalama m'kampeni, madiresi paokha, nsapato paokha.

Zithunzi ndizo zinatidyera nthawi ndi thukuta. Zonse zomwe tinali nazo zinajambulidwira WhatsApp, ndiye pamwamba pa zina panali mtengo wa zilembo zofiira ndi nambala ya foni ya shopu yodutsa pakati pa diresi kuti ena asatibere chithunzi. Zotere zimakanidwa, ndipo uthenga wake umati Promotional overlay on image. Chithunzi chachikulu, cha pa image_link, chimafunika kukhala cha chinthucho chokha, popanda mawu, chidindo kapena mkombero. Vuto lachiwiri linali kukula. Chithunzi chikadutsa pa WhatsApp kangapo chimafinyidwa, ndipo maluwa a chitenje amaoneka ngati anyowa ndi mvula.

Tinajambulanso zonse. Tinapachika nsalu yoyera pakhoma la kuseri kwa shopu, pamthunzi, m'mawa dzuwa lisanakwere, chifukwa dzuwa la masana kuno limachititsa buluu kuoneka wotuwa ndipo wogula akalandira katundu amati si uyu ndinaona. Mwana wa azakhali ankavala madiresi, ine n'kumajambula ndi foni, diresi itadzaza pafupifupi chithunzi chonse, popeza Google imalangiza kuti chinthucho chitenge pakati pa 75 ndi 90 peresenti ya malo. Ndinasamutsa zithunzizo ndi chingwe kupita pa laputopu kuti zisafinyidwe, n'kuzidula mapikiselo 1500 mbali zonse. Za kumbuyo kwa diresi ndi zoonetsa msoko pafupi zinapita ku additional_image_link, komwe kumalowa mpaka 10. Chimodzi choti musaiwale: chithunzi chatsopano muchipatse dzina latsopano la fayilo. Mukasunga adiresi yakale, Google ikhoza kutenga masabata isanabwerenso kudzachiona, pomwe adiresi yatsopano imaonedwa m'masiku ochepa.

Tsopano pamene panagona nkhani yeniyeni, madanga opanda kanthu. Diresi yathu ija imasokedwa m'masaizi anayi, koma m'fidi inali mzere umodzi wopanda color, size, gender kapena age_group. M'maiko monga United Kingdom ndi United States madanga amenewa ndi okakamiza pa zotsatsa za zovala, ndipo amafunikanso kuti chovala chionetsedwe pa mndandanda waulere. Ngakhale kumene sakakamiza, munthu akafufuza diresi ya buluu ya saizi inayake, chinthu chopanda zimenezi chimatsalira kumbuyo. Saizi iliyonse ndinaipatsa mzere wake ndi id yake, ndipo mizere inayiyo ndinaimanga pamodzi ndi item_group_id imodzi. Mzere wa saizi M unatuluka chonchi:

```
id: DR14-BLU-M
item_group_id: DR14
title: Women's Chitenge Maxi Dress, African Print Cotton, Blue/Yellow, Size M
color: Blue/Yellow
size: M
gender: female
age_group: adult
price: 450.00 ZMW
availability: in_stock
identifier_exists: no
```

Pa mtundu, chitenje chimavuta chifukwa nsalu imodzi imakhala ndi mitundu yambirimbiri. Kulemba multicolor sikuthandiza. Mumalemba mtundu waukulu poyamba, kenako ena, osapitirira atatu onse pamodzi, olekanitsidwa ndi kamzere kopendekera.

Mzere womaliza uja, wa identifier_exists, ndi umene anthu ambiri amaphonya. GTIN ndi nambala ija ili pansi pa timizere takuda pa katoni ya katundu wa kufakitale, ndipo Google imaigwiritsa ntchito pozindikira chinthucho ndi kuchifananitsa ndi cha ogulitsa ena. Diresi yosokedwa ndi telala wa azakhali ilibe nambala yotero, ndiye timanena poyera ndi identifier_exists kuti palibe, ndipo pa brand timalemba dzina la shopu popeza opanga ndife. Koma nsapato zopikula zili nayo. Kwa izo uthenga unali woti Limited performance due to missing value [gtin], ndipo njira yachidule yolemba no pa nsapato nazonso ndi yolakwika, chifukwa Google ikazindikira kuti chinthucho chili ndi nambala, imachenjeza kapena kuchikana. Kupeka nambala ndiye koipiratu, popeza nambala yomaliza ya GTIN imawerengetsedwa kuchokera ku zinzake, ndipo yopeka imagwidwa msanga.

Choncho tinalowa m'sitolo ya kumbuyo, ine n'kumatsitsa makatoni, azakhali atavala magalasi akuwerenga manambala mokweza. Saizi iliyonse ndi mtundu uliwonse wa nsapato zili ndi nambala yakeyake, ndiye katoni imodzi siingaimire zonse. Makatoni ena anali ndi kapepala komata pamwamba kochokera kwa wopikulitsa, nambala yake yoyamba ndi 2. Manambala oyamba motero ndi ogwiritsa ntchito m'sitolo mokha ndipo Merchant Center siwalandira, ndiye tinkamatula kapepalako kuti tipeze ya fakitale pansi pake. Polemba, danga lonse la gtin muliike kukhala Plain text musanayambe, apo ayi tebulo likhoza kudya ziro woyambirira kapena kusandutsa nambala ya manambala 13 kukhala chinthu ngati 6.00E+12, ndipo fidi idzakanidwa pa nambala yomwe munaiwerenga molondola.

Nditatumiza fidi yatsopano ndinadikira masiku angapo kuti iunikidwe. Machenjezo ambiri anachoka, koma diresi ina inakanidwa chifukwa mtengo wa m'fidi sunkafanana ndi wa pa webusayiti. Azakhali anali atakweza mtengo nsalu itadula kwa ogulitsa, ndipo anauza wosintha webusayiti yekha. Google imayendera tsamba la chinthucho n'kuyerekeza mtengo ndi kupezeka kwake ndi zomwe zili m'fidi, ndipo zikasiyana chinthucho chimatsitsidwa. Tinagwirizana kuti mtengo ukasintha kapena saizi ikatha, uthenga uzifika kwa ine tsiku lomwelo, ndipo fidi ndinaiika kuti izitengedwa tsiku lililonse.

Kuti ndidziwe ngati zathekadi sindinayang'ane zogulitsa poyamba, chifukwa zimenezo zimadaliranso mtengo ndi tsiku la malipiro. Ndinatsegula lipoti la katundu mu Google Ads n'kuona Impressions, kutanthauza kuti chinthu chilichonse pachokha chaonetsedwa kangati, kenako Search terms, mawu omwe anthu analemba pofufuza. Kale mawu ochepa omwe ankatipeza anali a diresi wamba. Tsopano munayamba kutuluka chitenge dress ndi african print maxi dress, ndipo ndalama za patsiku zinayamba kutha. Munalowanso ofufuza mapatani osokera ndi zovala za salaula, omwe sitigulitsa, ndiye mawu amenewo ndinawaika pa Negative keywords, kuti owalemba asamaonenso zotsatsa zathu, ndisanapite kukajambula mashati, omwe anali asanakonzedwe.