Lachiwiri: kakhadi ka keke ya nthochi

Mmawa uno ndisanamwe n'tiyi yemwe, mayi oyandikana nawo nyumba kuno ku Leicester, a ku Siriya, anditumizira chithunzi pafoni. Ndi kakhadi kolemba pamanja ka kaphikidwe ka keke ya nthochi, kochokera kwa mpongozi wawo wa ku Amereka. Chingerezi sawerenga, ndiye akuti ndiwalembere m'Chiarabu, poti ndinachiphunzira kusukulu.

Mawu sanavute. Ntchito inali pa miyezo. Kapu ya ku Amereka ndi pafupifupi mamililita 240, koma kukhitchini kwa mayiwa kuli timakapu ta khofi ndi timatambula ta tiyi, tonse tochepera pamenepo. Poti sikelo ali nayo, ndangolemba magalamu: makapu awiri a fulawa ndi magalamu 250, kapu ya shuga ndi 200. Fulawa ndi wopepuka kuposa shuga, choncho nambala imodzi singagwire ntchito pa zonse. Batala analemba "1 stick", komwe kwawoko ndi magalamu 113.

Pomwe ndakhalitsa ndi pa soda. Batala anadonthera pakhadipo kalekale, ndipo ngakhale ndikulitse chithunzi chotani, sizikuoneka ngati ndi "1 T" kapena "1 t". Chilembo chachikulu ndi supuni yaikulu, mamililita 15. Chaching'ono ndi kasupuni ka tiyi, mamililita 5. Wandiuza yankho ndi fulawa: pa makapu awiri soda amakhala kasupuni kamodzi. Ukathira katatu kuposa pamenepo keke imada, n'kumamveka sopo m'kamwa. Ndalemba ملعقة صغيرة, kutanthauza kasupuni kakang'ono, ndi kuwonjezera kuti ndi soda weniweni, كربونة, osati bekingipauda.

Kenaka "buttermilk", womwe ndi mkaka wowawasa, ndipo kuulemba m'Chiarabu kumafuna kusamala. Mawu akuti لبن ku Iguputo ndi mkaka wamba, pomwe ku Siriya ndi yogati. Soda amafuna chowawasa, ngati chambiko chathu, kuti afufumitse keke. Kwa mayiwa ndalemba yogati yosungunula ndi mkaka pang'ono. Akadakhala a ku Cairo ndikadalemba لبن رايب, mkaka wawo wowawasa.

Masana ndabwerera ku moto wa uvuni. Pakhadi pali 350°F. Kuchotsa 32, kuchulukitsa ndi 5, kugawa ndi 9, zikubwera 177°C, ndiye timangoti 180. Ndawaimbira kufunsa ngati uvuni wawo uli ndi fani. "Ulipo, mwanangu," ndiye ndatsitsa kufika pa 160.

Ndisanatumize ndaonanso uthengawo pafoni. Supuni imodzi ndi theka ya vanila ndinailemba m'manambala, ndipo pakati pa Chiarabu, chomwe chimayenda kuchokera kumanja, manambalawo anasokonekera moti sungadziwe loyamba ndi liti. Ndafufuta n'kulemba m'mawu: ملعقة ونصف.

Madzulo afunsa za chitini chophikira. Cha pakhadi ndi mainchesi 9 kwa 5, omwe ndi masentimita 23 kwa 13. Chawo n'chozungulira komanso chotakata, choncho keke ikhala yopyapyala. Ndawauza kuti asadikire ola lathunthu lolembedwalo. Pa mphindi 35 abaye mpeni pakati, ukatuluka wouma aphule.