Bizinesi yathu inaimira pa chingwe chimene chinkangokhala

Bizinesi yathu ndi yaing'ono. Timakoka zingwe za netiweki, kuika masiwichi ndi kuwakonza m'maofesi ndi m'nyumba zosungiramo katundu. Poyamba tinkadziwika ndi kukoka zingwe basi, koma ntchito imene inachititsa kuti makasitomala azitiitananso ndi ina: kudzutsa chingwe chachiwiri chimene munthu anagula kale koma sichinyamula kanthu.

Kasitomala amene anatiphunzitsa kufunika kwa zimenezi anali ndi masiwichi akuluakulu awiri, tiwatchule D1 ndi D2, olumikizana okhaokha. Pansi pawo panali masiwichi ang'onoang'ono olumikizako makompyuta, mafoni ndi makamera, ndipo iliyonse inali ndi zingwe ziwiri zokwera, china ku D1 china ku D2, chilichonse cha 1 Gbps. Dandaulo lake linali lakuti masana zithunzi za makamera zimadukaduka ndipo mafoni amamveka mwa apo ndi apo. Iye anali atakonzeka kale kugula masiwichi a 10 Gbps.

Titayang'ana tinapeza kuti chingwe chopita ku D1 chinali chodzaza, pamene chopita ku D2 chinali zii. Panalibe chimene chinawonongeka. Masiwichi ankayendetsa `RSTP`, njira imene imasankha zingwe zoti uthenga uzidutsamo, zimene zimatchedwa mtengo, ndipo imamanga mtengo umodzi wokha wa ma VLAN onse, ndiko kuti magulu amene netiweki yagawidwamo. Pofuna kuti uthenga usamazungulire kosatha pakati pa masiwichi atatu, imatseka chingwe chimodzi, ndipo chikatsekedwa chatsekedwa kwa onse.

Mankhwala ake ndi `MST`, imene inabwera ndi IEEE 802.1s mu 2002 ndipo kenako inalowetsedwa mu 802.1Q. M'malo mwa mtengo umodzi, mumamanga mitengo ingapo, yotchedwa mainsitansi, n'kugawira uliwonse gulu la ma VLAN. Mtengo uliwonse umakhala ndi muzu wake, siwichi imene njira zonse zimalunjikako, choncho chingwe chotsekedwa mu insitansi 1 chikhoza kukhala chotsegula mu insitansi 2. Njira zokwera zinali ziwiri zokha, ndiye mainsitansi awiri anakwana. Ena amakonda kupanga ambirimbiri, koma ine sindiona phindu lake ngati njira zili ziwiri.

Pogawa sitinawerenge kuchuluka kwa ma VLAN ayi, tinayeza katundu amene iliyonse imanyamula. Makamera okha, pa VLAN 110, ankadya pafupifupi theka la chingwe usana ndi usiku. Maofesi pa 10 ndi 20 pamodzi ndi mafoni pa 30 ankafika pafupi ndi pomwepo nthawi ya ntchito. Choncho makamera anapita kwaokha, ena onse mbali inayo. Pa siwichi iliyonse, zinali za Cisco, tinalemba zofanana ndendende:

```
spanning-tree mode mst
spanning-tree mst configuration
 name NYUMBA1
 revision 1
 instance 1 vlan 10-99
 instance 2 vlan 100-199
```

Kenako tinasankha mizu. Pa D1:

```
spanning-tree mst 0-1 priority 24576
spanning-tree mst 2 priority 28672
```

Pa D2 tinatembenuza: insitansi 2 inalandira 24576, pamene 1 ndi 0, imene ili mtengo wa onse, zinalandira 28672. Nambala yaing'ono ndiyo imapambana. Masiwichi ena onse anatsala pa 32768, imene amabwera nayo, ndipo manambalawa amayenda modumpha 4096. Tinaonetsetsanso kuti geti ya VLAN iliyonse, khomo lotulukira kupita ku ma netiweki ena limene D1 ndi D2 amalandizana kudzera mu `HSRP`, ili pa siwichi yomweyo imene ili muzu wake. Mukaiwala zimenezi, uthenga umakwera ku D2 n'kuwolokanso kupita ku D1 kukafuna geti, ndiye mwangosamutsira vuto pa chingwe chapakati.

Usiku umenewo `show spanning-tree mst 1` inaonetsa poti yopita ku D1 ili `Root FWD`, ndiko kuti yotsegula, yopita ku D2 ili `Altn BLK`, yotsekedwa. Pa `show spanning-tree mst 2` zinali zosemphana. Kutacha zingwe zonse ziwiri zinali pa ntchito, makamera anasiya kuduka, ndipo kasitomala sanagule kalikonse.

Koma chimene ndikufuna mumvetse kwambiri ndi rijoni, gulu la masiwichi amene amagwirizana pa kagawidwe ka mainsitansi, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera. Masiwichi awiri amakhala mu rijoni imodzi pokhapokha zinthu zitatu zitafanana: dzina, nambala ya `revision`, ndi tebulo lonse logawa ma VLAN. Tebuloli silitumizidwa lonse pa chingwe. Siwichi imalisandutsa chidindo chachifupi cha mabaiti 16, n'kuchiika mu `BPDU`, uthenga umene masiwichi amatumizirana pomanga mtengo, pamodzi ndi dzina ndi nambala ija. Inzake ikaona kusiyana, ngakhale kwa VLAN imodzi kapena kwa chilembo chachikulu ndi chaching'ono pa dzina, imati uyu ndi wakunja. Ndiye pa malire a marijoni mainsitansi aja salankhulana. Mapoti a pamalire amangotsatira zimene mtengo wa onse, wa insitansi 0, wagamula.

Zimenezi tinaziona ndi maso patapita miyezi ingapo. Kasitomala yemwe uja anaimba kuti mbali imodzi ya nyumba makamera ayambanso kuduka. Netiweki sinagwe, palibe amene anasowa intaneti, n'chifukwa chake vutoli limavuta kulizindikira. Pa siwichi ya mbali imeneyo mapoti onse awiri okwera anali ndi mawu akuti `Bound(RSTP)`, osonyeza kuti ali pa malire a rijoni, ndipo yopita ku D2 inali `Altn BLK` m'mainsitansi onse. Titalemba `show spanning-tree mst configuration digest`, mzere wa `Digest` unali wosiyana ndi wa masiwichi ena. Munthu wina amene anabwera kudzaika makina a pakhomo anapanga VLAN 250 n'kuiika mu insitansi 2 pa siwichi imeneyo yokha. Siwichiyo inasanduka rijoni payokha, ndipo katundu wake yense anabwerera pa chingwe chimodzi. Tinachotsa mzerewo, makina ajawo tinawasamutsira pa VLAN 120, chidindo chinafanananso.

Apa ndiye mukuona chifukwa chake tinalemba `10-99` ndi `100-199` pamene ma VLAN enieni anali ochepa. Siwichi imalola kugawa manambala a ma VLAN amene sanapangidwe. Tebulo likakonzedwa kamodzi ndi malo otsala, wofuna kuwonjezera amangosankha nambala m'gulu loyenera osakhudza rijoni. Kusintha tebulo pa netiweki imene ikugwira ntchito kumagawa rijoni pakati mpaka mutamaliza siwichi yomaliza, ndipo mitengo imawerengedwanso, choncho ndi ntchito ya usiku. Masiku ano kasitomala aliyense timamusiyira pepala limodzi lokhala ndi dzina la rijoni, nambala ya `revision`, magulu a manambala ndi chidindo choyenera.

Pali lamulo linanso limene sitiphwanya. Ma VLAN a insitansi imodzi ayenera kuloledwa onse pa thiranki iliyonse yokwera, ndiko kuti chingwe chonyamula ma VLAN angapo. Mtengo suyang'ana kuti VLAN yakutiyakuti ikuloledwa pati. Mukachotsa VLAN 20 pa chingwe chopita ku D1, insitansi 1 ipitiriza kutsegula chimenecho ndi kutseka cha ku D2, ndipo anthu a pa 20 adzasowa podutsa pamene siwichi ikuonetsa kuti zonse zili bwino.

Sikuti kasitomala aliyense timamugulitsa njira imeneyi. Imagawa magulu, siigawa VLAN imodzi pakati. Makamera akapitirira 1 Gbps paokha, palibe tebulo limene lingathandize. Pamenepo timalangiza kumanga zingwe zingapo pamodzi ndi `LACP` kapena kugula za 10 Gbps. Ndipo timamuuza mwiniwake poyera kuti chingwe chimodzi chikaduka, magulu onse awiri adzathinana pa chotsalacho, kotero mafoni timawapatsa mwayi wodutsa patsogolo tisanachoke.